Pa silaidi palembedwa n = 30: mmene mungakonzere mafunso ofufuza njira ndi sampulo ya mnzanu

Mnzanu wa m'kalasi akamaliza kufotokoza kafukufuku wake pa masilaidi, nthawi ya mafunso imakhala yochepa. Inu mumapeza mpata wa funso limodzi, mwina awiri. Ambiri amathamangira kufunsa kuti, "Kodi sampulo yanuyi sinachepe?" Wofotokozayo amavomera, n'kunena kuti nthawi ndi zipangizo zinali zosakwanira, ndipo nkhani imathera pomwepo. Palibe amene watolapo kanthu, chifukwa funso limeneli mukanatha kulifunsa musanaone ndi silaidi imodzi yomwe. Funso lofufuza limachokera pa chinthu chimene chili pa silaidi, kapena chimene chimayenera kukhalapo koma palibe, ndipo yankho lake limachititsa omvera kukhulupirira zotsatirazo kwambiri kapena kuyamba kuzikayikira.

Kuti tiyende bwino, titenge chitsanzo chimodzi n'kukhala nacho mpaka kumapeto. Tiyerekeze kuti mnzanu anafuna kudziwa ngati feteleza wosungunula m'madzi amakulitsa msanga mbande za nyemba. Silaidi ya njira ikuti anadzala nyemba m'mathireyi awiri, njere 20 m'thireyi iliyonse. Thireyi yoyamba ankaithira mamililita 50 a madzi a feteleza kawiri pa sabata, yachiwiri sanaithire feteleza. Patatha masiku 21 anayeza kutalika kwa mbande. Silaidi ya zotsatira ili ndi tchati cha mizati iwiri: mbande za feteleza zili ndi avereji ya masentimita 14, zinazo masentimita 11. Pamwamba pa mzati uliwonse pali kamzere koimirira. M'munsi mwalembedwa n = 30 ndi p < 0.05. Apa n ndi chiwerengero cha sampulo, ndipo p wochepera 0.05 akutanthauza kuti kusiyana kotereku sikukanaoneka kawirikawiri mwangozi chabe feteleza akanakhala kuti sachita kanthu. Silaidi yomaliza ikuti feteleza amakulitsa nyemba.

Yambani ndi kujambula zimene mnzanuyo anachita

Ngati masilaidi mwawalandira tsiku lisanafike, musayambe ndi kulemba mafunso. Tengani pepala, pamwamba pake mulembe m'chiganizo chimodzi zimene mnzanuyo akuti wapeza, m'mawu anuanu: "Akuti feteleza ndi amene anachititsa kuti mbande zitalike ndi masentimita atatu kuposa zinzake." Chiganizochi ndicho muyezo wa mafunso onse. Funso limene yankho lake silingagwedeze chiganizochi mulisiye, ngakhale likumveka lanzeru.

Kenako jambulani kafukufukuyo ngati mukufuna kukamuchita nokha mawa. Jambulani mathireyi awiri aja, mbande zake, ndi malo amene anakhala. Apa m'pamene cholembera chimayamba kuima. Thireyi yoyamba muiika pati? Silaidi sinanene. Zenera lili mbali iti? Sinanene. Thireyi yachiwiri inkalandira madzi ochuluka bwanji? Rula ankaiyambira padothi kukafika pansonga, kapena pa tsamba lapamwamba? Paliponse pamene mwalephera kujambula chifukwa simunauzidwe, ikani kachizindikiro ndi nambala ya silaidi. Mipata imeneyi ndiyo mafunso anu akadali osasema.

Ngati masilaidi mukuwaona koyamba m'kalasi momwemo, chitani zomwezi mwachidule mnzanuyo ali mkati molankhula. Musafafanize kachizindikiro mpaka amalize, chifukwa zambiri zimene sizili pa silaidi amazinena pakamwa, ndipo kufunsa chimene wangonena kumene n'kutaya mpata wanu umodzi uja.

Fufuzani kuti n akuwerenga chiyani

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ngati muli ndi funso limodzi lokha, nthawi zambiri liyenera kuchokera apa.

Pa silaidi palembedwa n = 30, ndipo tingaganize kuti ndi mbande 15 m'thireyi iliyonse. Mbandezo zinayezedwadi, palibe bodza. Koma tabwererani pa chojambula chanu muone kuti feteleza ankathiridwa pa chiyani. Sankathiridwa pa mbande imodziimodzi. Ankathiridwa m'thireyi. Mbande zonse 15 za m'thireyi yoyamba zinali pa dothi limodzi, zinkamwa madzi amodzi, zinkawombedwa ndi dzuwa la pamalo amodzi. Chilichonse chimene chinachitikira thireyiyo chinachitikira mbande zonsezo nthawi imodzi. Ngati dothi lake linali lachonde pang'ono kuposa la inzake, kapena mabowo ake apansi ankatulutsa madzi bwino, mbande zonse 15 zinapindula pamodzi, feteleza asanachite kalikonse.

Choncho chinthu chimene chinalandira feteleza pachokha ndi thireyi imodzi, ndipo chimene sichinalandire ndi thireyi imodzi. Poyerekeza feteleza ndi kupanda feteleza, sampulo yeniyeni ndi imodzi mbali iyi, imodzi mbali inayo. Zili ngati kuyeza msinkhu wa munthu mmodzi ka 15 n'kumati mwayeza anthu 15: mudzamudziwa bwino munthuyo, koma za anthu ena simunadziwepo kanthu. Mbande 15 zija zikutiuza molondola kutalika kwa mbande za m'thireyi yoyamba. Sizikutiuza ngati kutalikako kunabwera ndi feteleza kapena ndi thireyiyo.

Si ophunzira okha amene amagwa m'mbuna imeneyi. M'chaka cha 1984, katswiri wa zachilengedwe Stuart Hurlbert anaunika malipoti ambiri a kafukufuku osindikizidwa kale, n'kusonyeza kuti kubwereza konamizira kotereku kunali kofala ngakhale pakati pa akatswiri. Kumapezeka m'maonekedwe ambiri. Nsomba 10 za m'thanki imodzi imene munathiramo mankhwala. Masamba 12 othyoledwa pa mtengo umodzi. Madzi a m'botolo limodzi oyezedwa katatu pa makina. Ophunzira 40 a kalasi imodzi ophunzitsidwa m'njira yatsopano ndi mphunzitsi mmodzi. Ponsepa funso lodzifunsa n'limodzi: kodi chaching'ono kwambiri chimene chikanatha kulandira chinthu choyesedwacho, choyandikana nacho n'kusalandira, n'chiti? Mukachipeza, chiwerengeni. Chiwerengero chake ndiye n weniweni.

Pali kawerengedwe kosavuta kosonyeza chifukwa chake mathireyi awiri sangatsimikizire kanthu. Tiyerekeze kuti feteleza sachita chilichonse. Mathireyi awiri safanana ndendende, ina idzaposa inzake basi, ndipo mwayi woti yoposayo ikhale ya feteleza ndi theka, ngati kuponya ndalama m'mwamba. Tsopano akhale mathireyi 6, atatu a feteleza, atatu opanda. Pali njira 20 zosankhira atatu mwa 6, ndiye mwayi woti atatu a feteleza onse akhale pamwamba mwangozi ndi umodzi mwa 20. Popeza tikanadabwanso akanakhala onse pansi, timawerenga mbali zonse ziwiri: 2 mwa 20, kapena 0.1. Akakhala mathireyi 8, anayi mbali iliyonse, njira zimakhala 70, ndipo 2 mwa 70 ndi pafupifupi 0.03. Taonani kuti m'kawerengedwe konseka chiwerengero cha mbande za m'thireyi sichinalowemo. Mnzanu akanadzala mbande 100 m'thireyi iliyonse mwa awiri aja, mwayi uja ukanakhalabe theka.

Ndiye p < 0.05 uja anachokera kuti? Mwachionekere mnzanuyo analowetsa manambala 30 m'kompyuta, ndipo kompyuta inawatenga ngati mbande 30 zosadalirana, chifukwa siidziwa za mathireyi. Sinalakwitse masamu, inangoyankha funso limene inapatsidwa.

Pa pepala lanu lembani mwachidule: "Silaidi ya njira: mathireyi awiri. Silaidi ya zotsatira: n = 30. Feteleza anathiridwa pa thireyi kapena pa mbande?" Musagamuliretu. N'kutheka kuti mbande iliyonse inali m'kapu yakeyake, makapuwo n'kungosanjidwa m'thireyi, ndipo feteleza ankathiridwa m'kapu imodziimodzi. Zikatero n = 30 ali ndi poimira, ngakhale funso la malo likhalapobe ngati makapu onse a feteleza anali m'thireyi imodzi. N'chifukwa chake mukufunsa osati kuweruza.

Funsani kuti ndani anasankha, ndipo anasankha bwanji

Mukadziwa chimene chikuwerengedwa, onani mmene chinagwera m'gulu lake. Munthu akamagawa njere ndi dzanja, amayamba kutola zikuluzikulu ndi zosalala osazindikira n'komwe, ndipo thireyi yodzalidwa koyamba imatenga zabwinozo. Njere yaikulu ya nyemba imakhala ndi chakudya chambiri chosungidwa mkati mwake, ndipo m'masiku oyambirira mbande imadalira kwambiri chakudya chimenechi kuposa cha m'dothi. Pa kafukufuku wa masiku 21 okha, kukula kwa njere kungathe kusiyanitsa mbande ndithu.

Mankhwala a vutoli ndi maere. Ronald Fisher, amene anayamba ntchito pa malo ofufuzira zaulimi a Rothamsted ku England mu 1919, ndiye analimbikitsa kuti maere azigamula kuti ndime iti ilandire chiyani, pofuna kuti zinthu zobisika zimene wofufuza sakuzidziwa zisaunjikane mbali imodzi. Mnzanu akalemba pa silaidi kuti anasankha mwachisawawa, musakhutire ndi mawuwo. Ambiri akatero amatanthauza kuti anangotola osaganizira, ndipo kumeneko si kuchita maere. Funsani chimene manja ake anachita: kodi analemba manambala pa timapepala n'kutola osaona, anaponya ndalama, kapena anagwiritsa ntchito manambala a maere a pa kompyuta?

Malo nawonso amafunika maere. Pa nkhani ya mbande pali chinthu chimene ambiri sachiyembekezera: mbande yosowa kuwala imatalika kwambiri pofunafuna dzuwa, koma imakhala yowonda, yotuwa ndi yofooka. Choncho ngati thireyi ya feteleza ndi imene inali kutali ndi zenera, masentimita atatu aja angakhale chizindikiro cha mdima osati cha chonde. Zimenezi zikubala funso lina labwino, lokhudza chimene anayeza: kodi kutalika kukuimiradi kukula? Ofufuza za zomera nthawi zambiri amaumitsa mbande n'kuyeza kulemera kwake, chifukwa kumeneko kumasonyeza thupi limene chomera chapanga. Ngati pa masilaidi pali chithunzi cha mbandezo, chiyang'anitsitseni. Mtundu wa masamba, kunenepa kwa tsinde ndi mbali imene mbande zapendekera zingakuuzeni kumene kunali zenera.

Onaninso gulu loyerekezera, lija losathiridwa feteleza. Liyenera kulandira chilichonse chimene linzake linalandira kupatula chinthu chimodzi choyesedwacho. Silaidi yati thireyi yoyamba inkalandira mamililita 50 a madzi a feteleza. Kodi yachiwiri inkalandira mamililita 50 a madzi wamba pa masiku omwewo? Ngati ayi, thireyi yoyamba inkalandira zinthu ziwiri zoonjezera, feteleza ndi madzi, ndipo sitingadziwe kuti chakulitsa mbande n'chiti.

Chotsala ndi woyeza. Mbande ya nyemba siima chilili ngati msomali. Woyeza amasankha kuiwongola kapena kuisiya yopindika, ndiponso pamene rula ithere. Ngati akudziwa kuti iyi ndi ya feteleza, ndipo mumtima akufuna kuti feteleza apambane, theka la sentimita limalowa mosavuta popanda chinyengo chilichonse. Kupewa kwake n'kosavuta: wina alembe manambala pa makapu n'kusunga mndandanda, woyezayo ayeze osadziwa gulu. Funso limeneli ndi lamphamvu pamene muyezo ukudalira diso la munthu, monga mtundu wa tsamba kapena thanzi la chomera. Pamene sikelo ya magetsi ndiyo ikupereka nambala, mphamvu yake imachepa, ndipo mungalisiye.

Tsatirani manambala kuchokera pa silaidi ina kufika pa ina

Gawo ili n'lachangu koma limagwira zambiri. Lembani chiwerengero chilichonse chimene mwaona, motsatana. Pa njira: njere 20 ndi 20, zonse 40. Pa zotsatira: 30. Njere 10 zapita kuti?

Mayankho otheka ndi angapo, ndipo tanthauzo lake n'losiyana kwambiri. Ngati zisanu m'thireyi iliyonse sizinamere feteleza asanayambe kuthiridwa, palibe chodetsa nkhawa. Ngati m'thireyi ya feteleza zisanu zinamera kenako n'kufa, n'kutheka kuti fetelezayo anazitentha, ndipo zotsala zimene zinayezedwa ndi zolimba zokhazokha, motero avereji ya 14 ikubisa theka la nkhani. Ngati mnzanuyo anasankha 15 zooneka bwino, tiyenera kudziwa kuti lamulo losankhiralo analiika asanaone zotsatira kapena ataziona kale. Komanso 15 ndi 15 ndi ganizo lathu chabe. Angakhale 18 ndi 12, pakuti silaidi yangoti 30.

Werengani timizere tija, kenako muone ngati sampulo ikukwanira

Kamzere koimirira pamwamba pa mzati kangatanthauze zinthu zosiyana, ndipo ngati tchati sichinalembe, simungakawerenge. Ziwiri zofala ndi SD ndi SE. SD imasonyeza mmene mbande zimasiyanirana zokhazokha m'gulu limodzi: zina zazitali, zina zazifupi, zamwazikana bwanji kuzungulira avereji. SE imasonyeza mmene averejiyo ingasunthire mutabwereza kafukufuku. Ubale wawo ndi uwu:

```
SE = SD / √n
```

Tiyerekeze kuti SD ya mbande za mnzanu ndi masentimita atatu. Pa n wa 15, SE imakhala pafupifupi 0.8. Tchati chomwecho chikajambulidwa ndi SE, timizere timafupika pafupifupi kanayi, ndipo magulu awiri amaoneka otalikirana bwino. Chikajambulidwa ndi SD, kamzere ka gulu la feteleza kamatsika kufika pa 11, ka linalo kamakwera kufika pa 14, ndipo mumaona kuti mbande zambiri za magulu awiriwa n'zofanana msinkhu. Njira zonse ziwiri n'zololedwa, bola zilembedwe. Koma onani kuti SE imadalira n. Ngati n uja ndi wa mbande pamene amayenera kukhala wa mathireyi, timizere tafupitafupito tikulonjeza chitsimikizo chimene kulibe.

Ubalewu ukuphunzitsanso chinthu china chofunika pokamba za kukula kwa sampulo. Kuti SE itsike ndi theka, sampulo iyenera kuchuluka kanayi, osati kawiri. Ndiye malangizo akuti "mukanaonjezerako pang'ono" kawirikawiri sathandiza.

Palibe nambala imodzi imene ili yokwanira pa kafukufuku aliyense. Kukwanira kwa sampulo kumadalira zinthu ziwiri: kumwazikana kwa zoyezedwa, ndi kukula kwa kusiyana kumene mukufuna kukugwira. Pali kachidule kamene ofufuza amagwiritsa ntchito poyerekeza maavereji a magulu awiri. Kamapereka chiwerengero cha gulu lililonse chofunika kuti mukhale ndi mwayi wa pafupifupi 80 pa 100 wopeza kusiyana kumene kulipodi, pa malire a 0.05:

```
n = 16 × SD² / d²
```

Apa d ndi kusiyana kumene mukufuna kukuona. Pa SD ya 3, kuti mugwire kusiyana kwa masentimita atatu mufunika makapu 16 gulu lililonse. Kwa masentimita awiri mufunika 36. Kwa sentimita imodzi mufunika 144. Kachiduleka n'kongoyerekezera, ndipo kamagwira ntchito pa zinthu zosadalirana zokha, monga makapu osiyana ogawidwa mwa maere. Komabe kakupatsani funso labwino kuposa lija la "sinachepe?" Mungafunse kuti musanadzale, munkayembekezera kusiyana kwakukulu bwanji, ndipo 20 munamusankha poganizira chiyani?

Funso limeneli limafunika kwambiri mnzanu akanena kuti sanapeze kusiyana kulikonse. Ndi mbande 15 mbali iliyonse, feteleza wokulitsa ndi sentimita imodzi angadutse osaoneka nthawi zambiri. Kulephera kupeza kusiyana si umboni woti kusiyanako kulibe, ndipo silaidi yomaliza iyenera kunena zimenezi mosamala.

Semani mafunsowo

Tsopano pepala lanu ladzaza: mathireyi ndi n, maere, zenera, madzi a gulu loyerekezera, woyeza, njere 10 zosowa, timizere tosalembedwa. Simungafunse zonsezi. Bwererani ku chiganizo chija cha pamwamba n'kudzifunsa pa mfundo iliyonse kuti yankho lake likakhala loipa, chiganizocho chigwa chonse kapena chingotsimphina? Timizere tosalembedwa n'tokonzeka m'mphindi imodzi. Woyeza wodziwa magulu angasunthe theka la sentimita. Koma thireyi imodzi pa gulu imagwetsa chiganizo chonse, ndiye imeneyo ikhale patsogolo, njere zosowa zitsatire. Zinazo mulembe pa kapepala mukam'patse mnzanuyo mukatuluka.

Funso lililonse likhale ndi zinthu zitatu: malo ake pa masilaidi, chimene mwaona, ndi chinthu chimodzi chimene mukufuna kudziwa. Mwachitsanzo:

"Pa silaidi ya njira mwatchula mathireyi awiri, ndipo pa tchati mwalemba n = 30. Kodi feteleza munkathira m'thireyi yonse, kapena mbande iliyonse inali ndi kapu yakeyake?"

Funso ili ndi lalifupi, mnzanuyo angathe kubwezera silaidiyo kuti onse aione, ndipo yankho lake akulidziwa chifukwa anachita ndi manja ake. Mulibe mawu onyoza. Konzeranitu lotsatira la mbali zonse ziwiri. Akati munali m'thireyi yonse, mufunse kuti:

"Ndiye kupatula feteleza, ndi chiyani china chimene chinali chosiyana pakati pa mathireyi awiriwo, monga malo kapena dothi? Mungasiyanitse bwanji mphamvu ya feteleza ndi ya zimenezo?"

Akati kapu iliyonse payokha, mufunse mmene makapuwo anasanjidwira, ngati a feteleza ndi opanda feteleza anali osakanikirana, komanso chimene chinagamula kuti kapu iyi ilandire.

La njere zosowa lingamveke motere: "Munadzala njere 40 koma pa zotsatira pali 30. Zinazo zinatani, ndipo zinali zingati m'thireyi iliyonse?" Mbali yachiwiri ya funsoli musaisiye, chifukwa ndiyo imasonyeza ngati kutayikako kunapendekera gulu limodzi.

Mukamawerenganso zimene mwalemba, pali zolakwika zingapo zoti muzisake. Choyamba ndi funso limene lili chigamulo chongovala chizindikiro cha funso, monga lakuti, "Simukuona kuti kafukufuku wanuyu ndi wolakwika?" Munthu wofunsidwa chonchi pamaso pa anzake amayamba kudziteteza, ndipo simumvanso zimene anachita. Mawu akuti "bwanji simunachite" amakhalanso ndi mphamvu yomweyo. Asintheni akhale "munachita bwanji" kapena "munasankha bwanji". Chachiwiri ndi kumangirira mafunso atatu pamodzi. Wofotokoza amasankha losavuta, n'kuyankha lomwelo, lovuta lija n'kuiwalika. Chachitatu ndi funso limene kafukufukuyo sakanatha kuyankha, monga zimene zikanachitika pa mbewu ina kapena patatha miyezi itatu. Limangobweretsa nkhambakamwa. Yesaninso kuwerenga funso lanu mokweza: likakutherani mpweya lisanathe, lidulenso.

Ine ndimaona kuti funso labwino lotsiriza, ngati nthawi ilipo, ndi lobwezera mnzanuyo ku zipangizo zake zomwe: "Mutakhala ndi njere 40 zomwezi ndi dothi lomweli, mungazisanje bwanji kuti n akhale wamkulu?" Nthawi zambiri amalipeza yekha yankho ali chiimire: makapu 40, njere imodzi m'kapu, maere agamule makapu 20 olandira feteleza, onse asakanizidwe pa tebulo ndipo azisinthidwa malo pakapita masiku angapo. Kapena mathireyi ang'onoang'ono 8 a njere zisanu, anayi mbali iliyonse, n'kutenga avereji ya thireyi iliyonse ngati nambala imodzi. Njere sizinaonjezeke, koma tsopano pali choyerekeza.

Samalani kuti musamafunse za kuchepa kwa sampulo paliponse mwachizolowezi. Pamene zoyezedwa sizimwazikana kwambiri ndipo kusiyana n'kwakukulu, sampulo yochepa imakwanira. Ngati makapu asanu othiridwa madzi amchere wambiri anafa onse, asanu a madzi wamba n'kukhala amoyo onse, ndipo anagawidwa mwa maere, njira zosankhira asanu mwa 10 ndi 252, ndiye mwayi woti zichitike chonchi mwangozi ndi wochepera umodzi pa 100. Pamenepo funso lanu lisapite pa chiwerengero. Lipite pa kuchuluka kwa mchere umene anathira, mmene anaupimira, ndi ngati silaidi yomaliza ikunena za mlingo umene anayesa wokhawo kapena yadumphira kunena za madzi amchere onse.